PHINDU LOTHERA PA MBALE YA SIKELO

Mvula ikangokata ndipo zokolola zikayamba kutsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pa misika ya Mponela, Madisi, Malomo ndi pa boma la Ntchisi pamamveka dandaulo limodzi chaka ndi chaka. Alimi amati mavenda akuwabera ndi masikelo otembenuzidwa. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo lakhala likukambidwa kwambiri. Koma alipo munthu wina amene sikelo imamubera tsiku ndi tsiku popanda womudandaulira, chifukwa ngakhale iye mwini sadziwa kuti akuberedwa. Ameneyu ndi wamalonda wogulitsa nyemba, mpunga, mtedza kapena kachewere poyeza pa sikelo yake yomwe, sikelo imene imawerenga mochepa kusiyana ndi kulemera kwenikweni kwa katundu.

Sikelo ikamawerenga mochepa, woluza amakhala wogulitsa nthawi zonse, kaya sikeloyo ndi ya yani. Ikakhala m'manja mwa venda wogula soya kumudzi, wolira ndi mlimi. Ikakhala pa benchi ya mayi wogulitsa nyemba pamsika, wolira ndi mayiyo, pakuti amathirabe nyemba m'mbale kudikira kuti muvi ufike pa kilogalamu imodzi, pamene kilogalamuyo idakwana kale. Wogula amachoka ndi basela amene sadapemphe, ndipo wogulitsa amamuthokoza, osadziwa kuti wapereka mphatso.

Thumba limodzi la nyemba

Kuti nkhaniyi imveke bwino pafunika chitsanzo, ndipo mitengo imene ili m'chitsanzochi ndi yongoyerekeza. Aliyense angathe kuikapo mitengo ya pamsika wakwao. Mayi wina wa pa Mponela amapikula thumba la nyemba la makilogalamu 50 pa mtengo wa K2,000 pa kilogalamu, kutanthauza K100,000. Akaphatikiza ya wonyamula, ya chiphaso cha msika ndi ya timapepala tokulungira, pamapita K5,000 ina. Motero thumbalo limamudyera K105,000. Iye amagulitsa pa K2,400 pa kilogalamu, ndipo thumba limatha tsiku limodzi. Zonse zikayenda bwino ayenera kupeza K120,000 madzulo, phindu lake nkukhala K15,000.

Koma muvi wa sikelo yake, m'mbale mukakhala mopanda kanthu, suima pa ziro penipeni. Umagona kumbuyo pang'ono, ndi magalamu 50 okha. Pa sikelo zambiri za pamsika magalamu 50 ndi kamzere kamodzi kapena theka la kamzere, kanthu kosaoneka kwa munthu wotanganidwa ndi ogula. Chotsatira chake nchakuti nyemba zoyamba kugwa m'mbale zimagwira ntchito yongokokera muvi pa ziro, ndipo sizilipiridwa. Aliyense wogula kilogalamu imodzi amanyamula magalamu 1,050.

Thumba lija tsono silingakwanire anthu 50. Anthu 47 akagula amakhala atatenga magalamu 49,350, ndipo pansi pa thumba pamatsala magalamu 650 amene sikelo imawawerenga ngati 600. Mayiyu wayeza ka 48, ndipo ulendo uliwonse wataya magalamu 50. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 2.4, amene pa mtengo wake ndi K5,760. M'malo mwa K120,000, m'chikwama mumapezeka K114,240.

Wina angathe kunena kuti K5,760 pa K120,000 ndi kachinthu kochepa, kosafika ngakhale 5 pa 100 aliwonse. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Ndalama yotayikayo sichoka pa mtengo wa thumba, chifukwa mwini thumba adalandira kale yake yonse, wonyamula adalandira, wa chiphaso naye adalandira. Imachoka pa phindu lokha. Phindu la K15,000 lija latsika kufika pa K9,240. Cholakwika cha kamzere kamodzi chadya koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta la mayiyu. Akagulitsa masiku 26 pamwezi amakhala atataya K149,760, kapena kuti makilogalamu 62.4 a nyemba, thumba lathunthu ndi zina pamwamba. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mau amenewa amagwira ntchito potaya monga momwe amagwirira potola.

Matenda awiri osiyana

Sikelo yowerenga mochepa imadwala m'njira ziwiri, ndipo wamalonda ayenera kudziwa kuti yake ikudwala iti, chifukwa kuluza kwake sikufanana.

Njira yoyamba ndi imene yaonekera kwa mayi uja, pamene muvi umayambira kumbuyo kwa ziro. Sikelo yotere imabisa muyeso wofanana pa kuyeza kulikonse, kaya m'mbale muli nyemba zodzaza dzanja kapena ndowa yonse. Choncho chimene chimakulitsa kuluza si kuchuluka kwa katundu ayi, koma kuchuluka kwa maulendo oyeza. Mayi uja atagulitsa thumba lake kwa a malesitilanti ogula makilogalamu 5 nthawi imodzi, angayeze ka 10 kokha nkutaya magalamu 500, amene ndi K1,200. Koma mwezi ukafika pakati, ndalama zikasowa m'matumba a anthu, aliyense amafuna theka la kilogalamu. Pamenepo wogula aliyense amanyamula magalamu 550, mayiyu amayeza ka 91, ndipo amataya makilogalamu 4.55, amene ndi K10,920. Phindu lotsala ndi K4,080 basi. Tsiku limene watopa kwambiri, kuwerama ndi kuweramuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndi tsiku lomwe wapeza zochepa koposa. Matenda amenewa amapweteka kwambiri wamalonda wamng'ono wogulitsa kwa anthu osauka.

Njira yachiwiri ndi pamene muvi umayamba bwino pa ziro, koma umayenda mwaulesi. Kilogalamu yeniyeni imaoneka ngati magalamu 950, makilogalamu 2 amaoneka ngati magalamu 1,900, ndipo makilogalamu 10 amaoneka ngati 9.5. Apa chobisikacho chimakula pamodzi ndi katundu. Thumba la makilogalamu 50 lidzawerengedwa 47.5, kaya ligulitsidwe kwa munthu mmodzi kapena kwa anthu 100. Kuluza kwake ndi makilogalamu 2.5, amene ndi K6,000 pa thumba lililonse.

Pano pali kamsampha kamene kamakola ophunzira ambiri m'masamu. Ngati sikelo iwerenga 950 pamene payenera 1,000, wogula kilogalamu imodzi sanyamula magalamu 1,050 monga momwe ambiri amayankhira mothamanga. Kuti muvi ufike pa 1,000 pamafunika nyemba zolemera 1,000 kugawa ndi 0.95, zimene ndi pafupifupi magalamu 1,053. Wogulitsa waluza 5 pa 100 aliwonse a katundu amene wapereka, koma wogula wapindula 5.3 pa 100 aliwonse a katundu amene walipira. Manambala awiriwa amasiyana chifukwa amawerengedwa kuchokera pa maziko osiyana, ndipo mphunzitsi wofuna chitsanzo chamoyo cha nkhani ya maperesenti sangapeze china choposa ichi.

Kusiyana kwa matenda awiriwa kumaonekeranso pamene wamalonda agula ndi kugulitsa pa sikelo imodzi yomweyo. Ngati ili ndi matenda achiwiri, iye saluza kanthu. Pogula kwa mlimi wa ku Malomo amalipira makilogalamu 50 koma amanyamula pafupifupi 52.6, ndipo pogulitsa sikelo imawerenganso 50. Chimene wapatsa ogula mwaulere wachilanda kwa mlimi, mwina osadziwa nkomwe. Koma ngati ili ndi matenda oyamba, kugula pa sikelo yomweyo sikumupulumutsa. Poyeza thumba lonse kamodzi amapindula magalamu 50, kenako nkukataya magalamu 50 omwewo ka 48 pamsika.

Chimene chimapepusa sikelo

Sikelo zambiri za m'misika ya m'maboma awiriwa zimayenda ndi sipuling'i, kaya ndi za mbale zoika pa benchi kapena za mbedza zopachika pa mtengo. Zimatsata lamulo limene Robert Hooke wa ku Mangalande adalifalitsa mu 1678, lonena kuti sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu yoikoka: katundu akawirikiza, kutamuka nako kumawirikiza. Timano ta chitsulo m'kati mwa sikelo timasandutsa kutamukako kukhala kuzungulira kwa muvi. Chilichonse chotsekereza kuti kulemera konse kwa katundu kufike pa sipuling'i, kapena chogwira timano tija, chimapangitsa sikelo kuwerenga mochepa.

Choyamba ndi kasikuluwu kokonzera ziro. Sikelo yoyenda pa kaliyala wa njinga m'misewu ya miyala yotsika ndi yokwera, lero ku Nambuma, mawa ku Madisi, imagwedezeka mpaka kasikuluwuko kamasuntha kokha. Chimodzimodzinso mbale ikasinthidwa. Sikelo idakonzedwa kuti iime pa ziro mbale yake yachitsulo ili pamwamba. Mbaleyo ikathyoka kapena kubedwa, mwini nkuikapo kambale kapulasitiki kopepuka, muvi umabwerera kumbuyo ndi muyeso wa kusiyana kwa mbale ziwirizo. Zimenezi ndizo zimabala matenda oyamba aja. Pa sikelo zamagetsi zomwezi zimachitika munthu akadina batani lochotsera kulemera kwa beseni, kenako nkusintha beseni kuikapo lopepuka koma osadinanso.

Chachiwiri ndi fumbi ndi dzimbiri. Fumbi la Okutobala, gaga, mchere wotayikira ndi chinyontho cha m'mapiri nyengo ya dzinja zimaumitsa timano, ndipo muvi umaima usanafike pamene uyenera kufika. Chizindikiro chake nchosavuta: munthu akagogoda sikelo ndi chala katundu ali m'mbale, muvi umalumpha kupita kutsogolo. Nthawi zina njere ya nyemba kapena kamwala kamalowa kunsi kwa mbale nkuitchinga kuti isatsike bwino.

Chachitatu ndi malo oikapo sikelo, ndipo ichi chimakhudza kwambiri misika ya m'mapiri, kumene malo athyathyathya ndi osowa. Sikelo ya mbale ikapendekeka, gawo lina la kulemera limakankhira cham'mbali m'malo mopondereza sipuling'i. Benchi ikapendekeka ndi madigiri 10, sikelo imabisa pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, osawerengera kukhulana kwa zitsulo kumene kumaonjezera vutolo. Pa sikelo yopachika, thumba likangokhudza pansi, tsinde la mtengo kapena bondo la woyeza, gawo la kulemera kwake limathera pamenepo. Ngakhale diso limanamiza: wogulitsa woima pambali amaona muvi ngati sunafike pa mzere, pamene woima kutsogolo akuona kuti wapitirira.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazinamizira. Ena amati sikelo yokalamba imawerenga mochepa chifukwa sipuling'i yatopa. Zoona zake nzakuti sipuling'i yofooka imatamuka kwambiri, motero imawerenga mopitirira, ndipo woberedwa amakhala wogula. Enanso amene adaphunzira sayansi amakumbutsa kuti mphamvu yokokera zinthu pansi imachepa munthu akamakwera phiri, kotero sikelo yokonzedwera ku Salima iyenera kuwerenga mochepa ikafika ku Dowa. Izi ndi zoona, koma kukwera mamita 1,000 kumangochotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu imodzi pa kilogalamu. Phiri lilibe mlandu. Mlandu uli ndi benchi yopendekeka.

Kuyesa sikelo pakhomo

Thumba likapanda kukwana, sikelo si yokha yokayikiridwa. Mwina thumbalo lidabwera loperewera kale. Mwina nyemba zidagulidwa zisanaume bwino: makilogalamu 50 okhala ndi chinyontho cha 16 pa 100 akauma kufika pa 13 pa 100 amatsala pafupifupi 48.3. Mwinanso dzanja la wogulitsa ndi lofewa pa basela. Choncho asanaimbe mlandu wina aliyense, wamalonda ayenera kuyesa sikelo ndi chinthu chodziwika kulemera kwake.

M'chitsanzo chija, amene adatulukira vutoli ndi mwana wa mayiyo, mnyamata amene adangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankathandiza pa benchi podikira zotsatira. Iye adayamba kulemba m'kope makilogalamu onse ogulitsidwa, ndipo kwa masiku atatu otsatizana chiwerengero chidakana kufika pa 48.

"Amayi, kodi sikeloyi mudaiyesa liti?" adafunsa motero madzulo a tsiku lachitatu.

"Iwe, sikelo imayesedwanso? Si ndiyo imayeza zinthu?" adayankha mayi ake.

Yankho limeneli ndi la amalonda ambiri. Mnyamatayo adabwereka mapaketi asanu a shuga osatsegula, a kilogalamu imodzi imodzi, ku golosale yoyandikana nayo. Paketi imodzi ingathe kusiyana ndi inzake ndi magalamu ochepa, koma zisanu pamodzi sizisokeretsa kwambiri. Adaika sikelo pa simenti yosalala, nayang'ana muvi m'mbale mulibe kanthu, ataima kutsogolo kwenikweni. Kenako adaika paketi imodzi, ziwiri, mpaka zisanu, akulemba chimene muvi ukuloza. Adapeza 950, kenako 1,950, ndipo pa zisanu adapeza 4,950. Choperewera chidali 50 ponseponse.

Kuwerenga zotsatira za mayeso otere nkosavuta. Choperewera chikakhala chofanana pa miyeso yonse, vuto lili pa ziro, ndipo kupotokola kasikuluwu, mbale yogulitsira ili pamalo pake, kumathetsa nkhani. Choperewera chikamakula, monga 50 pa paketi imodzi, 100 pa ziwiri ndi 250 pa zisanu, ndiye kuti ndi matenda achiwiri, ndipo kasikuluwu sikangathandize. Wofuna kukonza matenda amenewa posunthira muvi kutsogolo amangolungamitsa muyeso umodzi nkukhotetsa ina yonse, mpaka amayamba kubera ogula zochepa. Sikelo yotere imafuna mmisiri kapena kusinthidwa. Ndipo ngati paketi imodzi yomweyo iwerengedwa mosiyanasiyana poiika ndi kuichotsa katatu, m'kati muli fumbi kapena dzimbiri.

Kumene kulibe shuga, madzi amathandiza, pakuti lita imodzi ya madzi oyera imalemera kilogalamu imodzi. Munthu amayamba wayeza botolo lopanda kanthu, kenako nkulidzaza mpaka pa muyeso wake weniweni, osati mpaka kukamwa. Kusiyana kwa manambala awiriwo kuyenera kukhala kilogalamu imodzi pa lita. Koma njira imeneyi imaulula matenda achiwiri okha, chifukwa pochotsera nambala ina pa inzake cholakwika cha pa ziro chimazimiririka. Cha pa ziro chimaoneka ndi maso, mbale ili yopanda kanthu.

Palinso nkhani ya kukula kwa sikelo. Sikelo ya mbedza ya makilogalamu 100 kawirikawiri imakhala ndi timizere totalikirana theka la kilogalamu. Ndi yabwino pa matumba, koma wogulitsira makilogalamu awiri kapena atatu pa sikelo yotere akungolota. Sikelo iyenera kulingana ndi muyeso umene mwini wake amagulitsa kawirikawiri.

Lamulo ndi chidindo

Mayeso a shuga ndi madzi amatsegula maso, koma salowa m'malo mwa lamulo. M'dziko muno udindo woyang'anira miyeso ya pamalonda uli m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lamulo loona za miyeso la chaka cha 2016 limafuna kuti sikelo yochitira malonda iyesedwe ndi kuvomerezedwa. Ogwira ntchito m'bungweli amayenda ndi miyala yoyezera yodziwika bwino kulemera kwake, ndipo sikelo ikapambana amaiika chizindikiro. Miyala imeneyi imayerekezedwa ndi ina yolondola koposa, mpaka kukafika pa muyeso umene maiko onse adagwirizana. Kuyambira mu 1889 mpaka mu 2019 muyeso umenewu udali kachitsulo kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi mzinda wa Paris, ndipo kuyambira 2019 kilogalamu imatanthauzidwa ndi nambala yosasintha ya m'chilengedwe. Cholinga cha unyolo wonsewu nchakuti kilogalamu ya pa Chezi ikhale yomweyo ya ku Lilongwe ndi kwina kulikonse.

Amalonda ambiri akamva kuti oyeza masikelo afika pamsika amabisa sikelo zao kunsi kwa benchi, poopa kulipira kapena kulandidwa. Amene adatembenuza sikelo dala ali ndi chifukwa chothawira. Koma mayi wa nyemba uja, pobisa sikelo yake, amakhala akubisa mbala yake yomwe. Ndiponso chizindikiro chimangonena kuti sikelo idali bwino pa tsiku loyesedwa. Sichiletsa kasikuluwu kusuntha pa msewu wa ku Nambuma, ndipo sichiwongola benchi.

Mnyamata uja atapotokola kasikuluwu, thumba lotsatira lidatulutsa makilogalamu 49.6 m'kope mwake. Magalamu 400 otsalawo adathera m'zinyalala zosankhidwa ndi basela amene mayi ake adapereka mwakufuna kwao kwa ogula a masiku onse. Za miyezi imene idapita palibe chimene akanachita, pakuti madzi akatayika saoleka. Koma kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanamasule thumba, amayamba waika kathabwa kunsi kwa mwendo waufupi wa benchi, kuyang'ana muvi pa ziro, ndi kuika m'mbale paketi ya shuga imene amasungira ntchito yomweyo. Madzulo amaphatikiza makilogalamu a m'kope nkuwayerekeza ndi amene adapikula. Ntchito yonseyi siitenga mphindi zisanu, ndipo pa mitengo ya m'chitsanzochi mphindi zisanuzo zimalipira K5,760 patsiku.